Mfundo mu Ulusi: Kudula ndi Kulumikiza m'Nkhani ya Agogo a ku Chegutu

Nkhani yaifupi imene yatsogola m'chigawo chino cha Chichewa ndi yosavuta kuifotokoza mwachidule. Mkulu wina wa zaka zoposa 80, wobadwira ku Dedza koma wokhala ku Pfupajena m'tauni ya Chegutu, wakhazikidwa pampando ndi mdzukulu wake wamkazi kuti aonere kanema wa moyo wake. Mtsikanayo, amene akuphunzira za kanema ku Harare, adajambula agogo akewo kwa maola 11, ndipo wadula ndi kulumikiza mpaka patsala mphindi 24. Mawa lake kanemayo akaonetsedwa kwa anthu m'holo ina ku Rimuka, mumzinda wa Kadoma. Nkhani yonse ikuchitika m'chipinda chimodzi, m'mphindi 24 zomwezo ndi zina zochepa zotsatira. Mlembi sanapatse mayina atengambali ake. Mtsikana ndi mdzukulu basi, ndipo mkuluyo anthu a m'dera lake amangomutchula kuti Achimwene, monga momwe Amalawi ambiri akhala akuitanidwira ku Zimbabwe.

Owerenga ambiri aitenga nkhaniyi ngati ya mtchona wolira kwawo, ndipo ili nazodi zizindikiro zonse za nkhani zotere. Ine ndikuona kuti mtima wake uli pena. Uli pa funso lakuti n'chifukwa chiyani mkuluyu sanabwerere ku Dedza, ndi pa momwe kanema, popanda kunama ngakhale liwu limodzi, wachotsera yankho la mwini moyo n'kuikapo yankho lina. Zonse zimene mlembi wachita bwino zikutumikira mfundo imeneyi, ndipo pamene wapunthwa ndi pamene waisiya.

Tiyambe ndi moyo wa mkuluyo, popeza mlembi waumanga pa mbiri yeniyeni. Achimwene adachoka kwawo mu 1956, m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chidakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Sadapite kudzera kwa Mthandizi. Adapita paselefu, kutsikira ku Tete, kuoloka Zambezi, kulowera ku Mutoko mpaka ku Salisbury, ali ndi mnzake wa m'mudzi umodzi. Adalembedwa ntchito pamgodi wa golide pafupi ndi Gatooma. Mlembi satchula dzina la mgodiwo, koma potiuza kuti udatsekedwa mu 1968 ndi kuti komboni yake inali ku Eiffel Flats, watiuza kale kuti ndi Cam and Motor. Mgodi utatsekedwa, mkuluyo adasamukira ku Hartley, mtunda wa makilomita oposa 30 pamsewu wopita ku Salisbury, nakalowa m'fakitale yoomba nsalu ya David Whitehead, kampani ya dzina limene aliyense wa ku Blantyre akulidziwa. Kumeneko adagwira ntchito mpaka fakitaleyo idayamba kugwedezeka m'zaka za m'ma 2000. Mu 1982 boma lidasintha mayina a matauni awiriwa, Gatooma kukhala Kadoma, Hartley kukhala Chegutu. Mkuluyo pakamwa pake akutchulabe mayina akale, pamene mawu olembedwa pansi pa chithunzi akuonetsa mayina atsopano. Ichi ndi chizindikiro choyamba, chaching'ono, chakuti zimene akunena ndi zimene oonera akulandira sizikufanana ndendende.

Ntchito ya kufakitale ija si chokongoletsa chabe m'nkhaniyi. Kwa zaka zoposa 30 Achimwene ankayang'anira makina oombera, ndipo udindo wawo unali kuona pamene ulusi waduka ndi kuumanga mfundo yaing'ono yosaoneka pansalu. Munthu wotere ali ndi diso lozolowera kufunafuna polumikiza. Sadziwa chilichonse za kompyuta, koma atangoonera mphindi zochepa akuzindikira kuti kanema nayenso ndi nsalu ya maulusi oduka. Apa mlembi wasankha bwino kwambiri, chifukwa watipatsa woonera amene angathe kugwira mkonzi dzanja popanda kuphunzira sukulu ya mkonziyo.

Kuti timvetse chimene mkuluyo akuona, tifotokoze pang'ono momwe ntchitoyi imayendera. Munthu akajambulidwa akulankhula atakhala malo amodzi, ndiye mkonzi n'kuchotsa chigawo cha pakati, chithunzi chimadumpha: mutu unali wopendekera kumanja mwadzidzidzi uli kumanzere. Pofuna kubisa kudumphako, mkonzi amavundikira polumikizapo ndi chithunzi china cha masekondi awiri kapena atatu, monga manja a wolankhulayo, chithunzi cha pakhoma kapena nkhuku pabwalo, uku mawu akupitirira pansi pake. Woonera wamba amaganiza kuti kamera yangotembenuka. Amene akudziwa amayang'ana zinthu zimene sizinama: mthunzi, chakumwa cha m'kapu, phokoso la kunja. M'nkhani yathu, Achimwene a pakanema akuyamba chiganizo kapu ili yodzaza tiyi. Kamera ikuonetsa manja awo. Pobwerera kunkhope, chiganizo chikumalizika bwinobwino, koma kapu ili gwa, mthunzi wa mtengo wa mango wafika pakhonde, ndipo tambala amene adayamba kulira sadamalize. Mkulu woonerayo akuwerengera mumtima kuti pakati pa theka loyamba la chiganizo chake ndi theka lachiwiri padutsa pafupifupi ola lathunthu. Akudziwanso zimene adanena m'ola limenelo.

Mlembi sakutiuza msanga. Akuyamba ndi polumikiza pena popepuka, pokhudza liwu loti kwathu. Pojambulidwa, mkuluyo adanena kuti kwathu kunali kokoma usiku wa Loweruka. Ankanena za komboni ya ku Eiffel Flats, kumene kunali gule, mpira ndi kanema wa pabwalo. Mdzukulu, amene chilankhulo chake cha tsiku ndi tsiku ndi Chishona ndi Chingerezi, ndipo Chichewa amangochimva mwapatalipatali, adamva ngati kumusha, mudzi wa makolo. Pamwamba pa mawuwo adaikapo chithunzi cha nyanja ya Malawi dzuwa likulowa, asodzi akupalasa bwato. Achimwene ndi a kumapiri a Dedza, ndipo nyanjayo sanaionepo chibadwire. Pano owerenga amaseka, nayenso mkuluyo akumwetulira. Koma kusekako kukutiphunzitsa lamulo limene tilifune posachedwa. Akatswiri a kanema amalitchula ndi dzina la Lev Kuleshov wa ku Russia, amene zaka pafupifupi 100 zapitazo adaonetsa kuti nkhope imodzimodzi, ikatsatizana ndi mbale ya chakudya imaoneka yanjala, ikatsatizana ndi bokosi la maliro imaoneka yachisoni. Tanthauzo silikhala m'chithunzi chimodzi. Limabadwa pamene ziwiri zakumana. Nkhope ya Achimwene pafupi ndi nyanja yasanduka nkhope ya munthu wopukwa, pamene mwini wake ankakumbuka chisangalalo.

M'pofunika kuona kuti Chichewa chili ndi mawu atatu pamene mawu a Chingerezi olembedwa pansi pa chithunzi ali ndi limodzi. Mkuluyo akati kumudzi, ndi ku Dedza. Akati kunyumba, ndi ku Pfupajena. Akati kwathu, ndi komboni imene idamulandira ali mnyamata, malo amene saonekanso momwe adaliri. Mlembi wasunga kusiyana kumeneku kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto osakulozera chala, ndipo wowerenga amene sakusamala adzagwa m'mbuna yomwe adagwamo mdzukulu.

Tsopano tifike pa ola lochotsedwa lija. Chiganizo chimene oonera akumva n'chakuti mkuluyo sadathe kubwerera kumudzi chifukwa analibe mapepala. Mawu onsewa adatulukadi pakamwa pake. Koma theka loyamba, loti sadathe kubwerera, lidatsatidwa ndi nkhani ina. Zaka zingapo atafika pamgodi, Achimwene adakwezedwa kukhala mmodzi wa apolisi a pakomboni. Mnzawo uja, amene adaoloka naye Zambezi, adabisa kamwala ka golide m'nyumba, chinthu chimene lamulo la dzikolo linkaletsa kwa aliyense wopanda chilolezo. Achimwene ndi amene adakamunenera. Mnzawoyo adamangidwa, ndipo atatuluka m'ndende sadaonekenso, ku Gatooma ngakhale ku Dedza. Adasiya mkazi ndi mwana pakomboni. Kubwerera kumudzi kukadatanthauza kukakhala pamphasa pamaso pa mayi a mnzawoyo ndi kuyankha funso loti mwana wathu mwamusiya kuti. Chaka chilichonse mkuluyo ankati apita chaka chamawa, mpaka mayiwo adamwalira, mpaka onse omudziwa adatha. Za mapepala adazinena patapita nthawi, poyankha funso lina, lokhudza chisankho cha 2002. Mdzukulu adatenga mutu wa chiganizo china ndi mchira wa china, n'kuvundikira mfundoyo ndi chithunzi cha manja.

Apa ndi pamene nkhaniyi yaima, ndipo ubwino wake ndi wakuti chifukwa chimene kanema wapereka si chabodza. Mu 2001 boma la Zimbabwe lidasintha lamulo la unzika, n'kulamula kuti aliyense amene angathe kukhala nzika ya dziko lina akane unzikawo motsata malamulo a dziko linalo, apo ayi ataya unzika wa Zimbabwe. Anthu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, pamodzi ndi ana awo obadwira m'mafamu ndi m'migodi, adapezeka ali ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, ndipo ambiri sadaponye voti mu 2002. Bungwe la Amnesty International lidatulutsa lipoti la anthu otere opanda dziko mu 2021. Choncho mtsikanayo sanapeke kanthu. Wangosankha chifukwa chimene chili ndi dzina, chili ndi chaka, chili ndi wolakwa wodziwika, chimene aphunzitsi ake ndi oonera akunja angachimve msanga. M'kanema wake agogo ndi munthu amene zinthu zidamuchitikira. M'mawu awo enieni agogowo ndi munthu amene adachita chinthu. Mkuluyo akuonera moyo umene wayeretsedwa, ndipo m'moyo woyeretsedwawo iye mulibe.

Olemba mbiri atithandiza kwambiri kudziwa za matchona. Charles van Onselen m'buku lake la Chibaro la 1976 adafotokoza momwe makomboni a migodi ya Southern Rhodesia ankayendetsedwera pakati pa 1900 ndi 1933, ndipo adaonetsa kuti eni migodi ankadalira apolisi achikuda a pakomboni kuti agwire anzawo. Zoë Groves mu 2020 adatsata miyoyo ya Amalawi a ku Salisbury, ndipo Anusa Daimon adalemba za mbadwa zawo zimene zimatchedwa Mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre. Koma mbiri, mwa chikhalidwe chake, imafuna zifukwa zokhudza anthu ambiri: msonkho, malipiro, malamulo, ukwati wa kuchilendo. Singalowe m'mutu mwa wapolisi mmodzi wa pakomboni n'kuona kuti chimene chidamutsekera njira ya kwawo ndi nkhope ya mayi mmodzi. Kumeneko ndi kumunda kwa nkhani yopeka, ndipo mlembi wathu walima m'munda mwake.

Amene adawerenga Sikusinja ndi Gwenembe ya J.W. Gwengwe aona msanga chibale cha nkhani ziwirizi. Kumenekonso anthu awiri achoka limodzi kukafuna chuma, mmodzi yekha ndiye akutsala, ndipo funso la kumudzi ndi lomwelo, lofuna kudziwa kumene kuli mnzake. Kwa Gwengwe mboni ndi mbalame imene singatsekedwe pakamwa. M'nkhani yathu zinthu zatembenuka. Wolakwa ndi amene akufuna kuulula, ndipo mboni, imene ndi kamera, ndi imene yatsekedwa pakamwa ndi munthu womukonda. Sindikunena kuti mlembi adatengera kwa Gwengwe. Ndikungoti wowerenga Chichewa amafika pankhaniyi ali kale ndi khutu loyembekezera kuti chobisika chiimbidwa poyera, ndipo kuyembekezera kumeneko ndi kumene kumachititsa kuti chete wa kanemayo alemere.

Luso lalikulu la nkhaniyi, m'kuona kwanga, lili m'galamala, ndipo ndi luso limene silingasamutsidwe kupita m'chilankhulo china popanda kutayika. M'chipindamo muli amuna awiri amene ali munthu mmodzi: wokhala pampando ndi wa pakanema. Mlembi amalankhula za wa pampando mwaulemu, ngati ambiri, ndipo za wa pakanema amalankhula ngati mmodzi. Wa pampando ndi iwo, dzanja ndi lawo, mdzukulu akuwayang'ana. Wa pakanema ndi iye, dzanja ndi lake, kamera ikumuyang'ana. Tsono Chichewa chili ndi khalidwe lakuti m'nthawi zambiri za mneni, mmodzi ndi ambiri amamveka chimodzimodzi. Tikati akuseka, kapena anaseka, sitidziwa ngati ndi iye kapena iwo. Kusiyana kumaonekera pa mawu aumwini, pa -mu- ndi -wa- wa pakati pa mneni, ndi pa nthawi yangothayi, pamene timasiyanitsa waseka ndi aseka. Mlembi wagwiritsa ntchito mpata umenewu mochenjera. Pamene mkuluyo akugwirizana ndi zimene akuona, monga pachigawo cha ukwati wake ku Hartley, ndime yonse yalembedwa ndi aneni osasiyanitsa okhaokha, kotero kuti sitingadziwe amene akupukuta misozi, wa pampando kapena wa pakanema. Amuna awiri aja alowana. Koma pofika pa chiganizo cholumikizidwa chija, mawu aumwini akubwera motsatizana ngati mipanda: pakamwa pake, makutu awo, mawu ake, mtima wawo. Galamala yokha yawalekanitsa, popanda mlembi kunena kuti mkuluyo wadzimva mlendo.

Wina angafunse ngati si chipongwe kutchula munthu wa zaka 80 kuti iye. Ndi chipongwedi, ndipo ndicho cholinga. Kanema wamulemekeza mkuluyo pomuchotsera tchimo, koma pomuchotsera tchimolo wamuchepetsa, wamusandutsa chitsanzo cha gulu. Ulemu wa galamala watsalira kwa munthu wathunthu, wochimwayo.

Mabuku a kunja ali ndi nkhani zofanana ndi iyi, ndipo kuziyerekeza kukuthandiza kuona chimene chili chatsopano pano. M'nkhani ya Delmore Schwartz ya 1937, In Dreams Begin Responsibilities, mnyamata akulota ali m'nyumba ya kanema akuonera makolo ake akufunsirana, ndipo akuimirira n'kukuwa kuti awaletse, mpaka akutulutsidwa kunja. M'sewero la Samuel Beckett la 1958, Krapp's Last Tape, nkhalamba ikumvetsera matepi amene idadzijambula yokha ili ndi zaka zochepa, ndipo ikudumphitsa zigawo zimene sizikuisangalatsa. Kwa Schwartz palibe mkonzi woti n'kukangana naye, ndipo kwa Beckett mkonzi ndi mwini moyo. Kwa mlembi wathu mkonzi wakhala pomwepo, pamkeka, ndi mwana wa mwana wako, ndipo akudikira kuti umuyamikire. Mkuluyo sangakuwe ngati mnyamata wa Schwartz. Mwambo wa agogo ndi mdzukulu ndi wa nthabwala ndi kufewa, ndipo mtsikanayo wagwira ntchito miyezi yambiri. Nkhondo yonse ikuchitika m'kati mwa ulemu, ndipo chida chokha chimene mkuluyo ali nacho ndi kufunsa, mwa phee, kumene kwapita tiyi wa m'kapu.

Pali ndime ina yaifupi imene ndikufuna isadutse osaonedwa. Mkuluyo akukumbuka kanema wa pabwalo la komboni, ndi momwe anyamata ankakuwira chithunzi chikadumpha, podziwa kuti azungu adulapo. Izi zili ndi maziko. Akanema oonetsedwa kwa anthu akuda m'Rhodesia ankayamba apimidwa ndi kudulidwa, ndipo bungwe la Central African Film Unit, limene lidayamba mu 1948, linkapanga akanema ophunzitsa Aafirika momwe boma linkafunira, nkhani imene James Burns adailemba m'buku la Flickering Shadows mu 2002. Ngakhale ufulu utabwera, lumo silidapume: kanema wa Flame wa Ingrid Sinclair, amene adatuluka mu 1996, adalandidwa ndi apolisi ali m'kati mokonzedwa, ena mwa omenyera ufulu atadandaula ndi momwe ankaonetsera nkhanza zimene akazi adakumana nazo kunkhondo. Mkulu wathu wakhala moyo wake wonse akudziwa kuti wamphamvu ndi amene amadula. Chimene sadakonzekere ndi lumo la chikondi. Mlembi wapereka ziganizo zinayi zokha ku chikumbumtima chimenechi, ndipo zakwanira.

Tsono pali pamene nkhaniyi yafooka, ndipo ndi pa mdzukulu. Kanema atatha, mkuluyo atafunsa za tiyi, mtsikanayo akuyankha ndi mawu otalika pafupifupi masamba awiri, ofotokoza za lamulo la 2001, za kunyozedwa kwa anthu a mtundu wake kusukulu, za kufunika koti dziko limve. Mawuwa ndi a m'nyuzipepala, si a mwana amene wagwidwa ndi agogo ake. Mlembi amene watikhulupirira kuti timvetsa kusiyana kwa lake ndi lawo mwadzidzidzi waleka kutikhulupirira, ndipo waima pagome kutiphunzitsa. M'katikati mwa phunzirolo mulinso kusokoneza. Mtsikanayo akulankhula ngati malamulo aakulu a dziko a 2013 adathetsa vuto la agogo ake. Gawo 43 la malamulowo lidapereka unzika wa chibadwire kwa anthu obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linali nzika ya dziko lina la SADC. Lidathandiza ana a mkuluyo. Iye mwini, wobadwira ku Nyasaland, sali m'gulu limenelo. Kukadakhala kuti mlembi adafuna kuonetsa kuti mtsikanayo sadziwa bwino ngakhale nkhani imene wasankha, kukadakhala kuluma kokoma, koma palibe chosonyeza kuti n'dala.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chifukwa champhamvu cha mtsikanayo chili kale m'nkhanimo, ndipo mlembi wangochidutsa m'chiganizo chimodzi. Mwana amene mnzawo wa Achimwene adasiya pakomboni adakula, ndipo ana ake akukhala ku Rimuka. Amapemphera mpingo umodzi ndi abale a mtsikanayo, amasonkha limodzi m'bungwe la maliro, ndipo mawa adzakhala m'holo muja. Sadziwa amene adanenera agogo awo. Mkuluyo akufuna kutula katundu asanafe, koma amene adzatsale ndi katunduyo m'misewu ya Rimuka ndi Pfupajena ndi mdzukulu ndi amayi ake. Ndiponso pali funso limene aliyense wojambula anthu okalamba amakumana nalo: munthu akaulula chinthu pamaso pa kamera imene yagwidwa ndi mdzukulu wake, kodi wauza kamera kapena wauza mdzukulu? Achimwene adavomera kujambulidwa, koma kodi ankaona m'maganizo mwawo holo yodzaza anthu? Mtsikanayo akadangotchula dzina la banja la ku Rimuka lija n'kukhala chete, mbali ziwirizi zikadalemera mofanana, ndipo wowerenga akadasowa kolowera. Momwe zililimu, sikelo yapendekera kwa agogo, ndipo mtsikanayo akuoneka ngati wongofuna kukondweretsa aphunzitsi ake, pamene nkhani yomweyo yatipatsa umboni woti ndi woposa pamenepo.

Tisaiwalenso kuti mlembi nayenso ndi mkonzi. Pa zaka 80 watipatsa masamba ochepa, ndipo wasankha kuti tchimo limodzi likhale fungulo la moyo wonse. Wowerenga wosamala angakayike ngati moyo wa munthu umatsekulidwa ndi fungulo limodzi. Mwina mkuluyo nayenso wakhala akudula ndi kulumikiza kwa zaka 60, kufikira nkhani ya mnzake idameza zifukwa zina zonse: mkazi wa ku Hartley, ana a sukulu, penshoni imene idasungunuka ndi kugwa kwa ndalama mu 2008, manyazi obwerera chimanjamanja. Nkhaniyi ikukhudza ganizo limeneli kamodzi, pamene mkuluyo akulephera kukumbuka ngati adakanena yekha kwa mkulu wa komboni kapena adachita kufunsidwa. Kukayika kumeneko n'kwa mtengo wapatali, chifukwa kukusonyeza kuti ngakhale maola 11 aja sanali choonadi chosadulidwa. Ndikadakonda mlembi akadakhalapo pang'ono pamenepa m'malo mwa masamba awiri a phunziro aja.

Mathero abweza zambiri zimene zidatayika. Mkuluyo sakupempha kuti kanema asinthidwe. Akufunsa ngati zodulidwazo zimatayidwa, monga momwe ankasesera tizidutswa ta ulusi pansi pa makina madzulo aliwonse. Mdzukulu akufotokoza kuti pakompyuta palibe chimene chimadulidwa kwenikweni, kuti zojambulidwa zonse zili momwe zidaliri, ndipo kanema ndi mndandanda chabe wouza makina poyambira ndi polekezera. Izi n'zoona pa kakonzedwe ka masiku ano, kosiyana ndi kale pamene filimu inkadulidwadi ndi lumo n'kumatidwa. Kwa mkuluyo imeneyi ndi nkhani yotonthoza ndi yoopsa nthawi imodzi: kuulula kwake kulipo, kwasungidwa m'kabokosi kokwana m'thumba la malaya, ndipo kudzakhalapo iye atapita, m'manja mwa mwana amene angakutulutse kapena ayi. Akupempha kuti aonere ola lija, awiriwiri, usiku womwewo. Mtsikanayo akulitsegula. Pakanema pakuoneka kapu yodzaza tiyi, ndipo m'chiganizo chomaliza mlembi, kwa nthawi yoyamba, akupereka ulemu kwa munthu wa pakanemayo: akulemba kuti mdzukulu adakweza mawu kuti awamve bwino. Sadalembe kuti amumve. Za chimene chidzaonetsedwe ku Rimuka mawa lake, nkhaniyo sikunena.